Kukana Zomwe Apongozi Amanga: Uthenga Upite Njira Iti?

Titenge nkhani imene imabuka m'mabanja ambiri zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikangotuluka. Mlamu wanu, mng'ono wa amuna anu, wakhoza koma sanasankhidwe kupita ku sekondale. Kumudzi ku Dedza akhala pansi, amalume analipo, ndipo amanga imodzi: mnyamatayo apite ku Lilongwe akakhale ndi achimwene ake, akayambe Fomu 1 pa sukulu ya pulaiveti. Inu mwamva zitatha kale. Nyumba yanu ndi ya lendi, zipinda zogona ziwiri, ana anu atatu, ndipo sukulu zitsegulira mu Sepitembala muno. Mwakambirana awirinu usiku, mwagwirizana kuti simungakwanitse. Chatsala n'chakuti yankholo likafike bwanji kwa apongozi, ndipo mawa mukathe kutsikira pakhomo pawo n'kulandiridwa ngati kale.

Ambiri amatopa ndi kusankha mawu. Ine ndimaona kuti chimene chimaphwanya kapena kusunga ubale kwenikweni ndi njira imene uthenga wadzera, komanso pakamwa pa amene wautula. Mawu omwewo akachokera kwa mwana wawo amatchedwa kudandaula, akachokera kwa mpongozi amatchedwa mwano.

Zoyang'ana posankha

Njira iliyonse tiiyeza pa zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, osati wa mayunitsi okha ayi, komanso wa nthawi ndi ulemu umene mukuika pachiswe. Chachiwiri ndi kupezeka: kodi apongozi anu ali ndi foni yanji, amawerenga okha, nanga munthu woti atule uthengayo alipo? Chachitatu ndi zosamalira pambuyo, chifukwa kukana sikuthera tsiku lotumiza uthenga. Chachinayi ndi zoopsa zake.

Koma njira iliyonse imene mungasankhe, za m'kati mwa uthengawo n'zimodzimodzi. Muyambe ndi moni weniweni. Musonyeze kuti mwamva zimene anakambirana ndipo simukuzipeputsa. Munene momveka kuti simukwanitsa. Kenako muike chimene mungathe.

Pali misampha iwiri. Woyamba ndi kukana kozungulira. Mukangoti "tiona" kapena "pakali pano zinthu sizili bwino," munthu amene akufuna kumva kuti eya amva eya, ndipo Loweruka lotsatira mulandira foni kuti mnyamata ali mu depoti ndi chikwama chake, mukamutenge. Apo kumubweza kumapweteka koposa kukana poyamba. Wachiwiri ndi kupereka chifukwa chimene akumudzi angachithetse okha. Mukati malo ndi ochepa, yankho lilipo kale: "Ameneyo ndi mwana wamwamuna, azigona pabalaza." Mukati chakudya chakwera mtengo, akuti atumiza thumba la chimanga. Chifukwa chilichonse chaching'ono chimene mwatchula chimatsegula khomo la zokambirana zina. N'chifukwa chake ndi bwino kunena kamodzi kuti mwawerengera zonse pamodzi, fizi, chakudya, malo ndi mayendedwe, ndipo mwapeza kuti sizitheka, osazitchula chimodzichimodzi ngati mukupempha kuti akuthandizeni kuzikonza.

Njira yoyamba: uthenga wolemba, pa WhatsApp kapena SMS

Uthenga wa mayi wa m'chitsanzo chathu kwa apongozi ake aakazi ungakhale wotere:

"Amayi, mwaswera bwanji kumeneko? Ife kuno tili bwino, adzukulu anu akupereka moni. Tamva zimene munakambirana ndi amalume za sukulu ya alamu anga, ndipo tathokoza kuti munatiganizira. Takhala pansi ndi bambo a kunyumba kuno, tawerengera zonse, taona kuti kukhala nawo kuno sitikwanitsa. Chimene tingathe n'kumalipira fizi teremu iliyonse akamaphunzira konko, ndi kuwagulira yunifomu ndi makope. Tiimba Lamlungu mukaweruka kutchalitchi kuti timve maganizo anu."

Onani kuti mulibe "ine" m'menemo. Zonse ndi "ta-" ndi "ti-". Mulibenso kutsutsa kuti anaganiza molakwa.

*Mtengo.* Pa ndalama ndi njira yotchipa kuposa zonse. Pa ulemu ndi yodula, chifukwa kwa akuluakulu ambiri nkhani imene anthu anakhalira pansi siyankhidwa ndi zala.

*Kupezeka.* Ngati apongozi ali ndi foni ya mabatani, mwatsala ndi SMS. Uthenga umodzi wa SMS umanyamula zilembo 160, ndipo mukangoikamo chilembo cha ŵ kapena kankhope komwetulira, malirewo amatsika kufika pa 70. Uthenga wautali ngati uli pamwambawu umaduka m'zigawo zingapo, ndipo netiweki ikavuta chigawo china chimatha kuchedwa. Tangoganizani chafika chigawo chokana, chigawo cha fizi chatsalira m'njira mpaka mawa.

*Zosamalira pambuyo.* Foni imene mwalonjeza Lamlungu iimbidwe Lamlungu lomwelo, ndipo aimbe ndi mwana wawo. Musakhale maso pa timizere tiwiri ta buluu. Apongozi kukhala chete masiku awiri si mkwiyo nthawi zonse. Mwina foni ili kotchaja ku msika, mwinanso akudikira kuti aonane ndi amalume, popeza sangayankhe okha nkhani imene anamanga ndi anthu ena. Kutumiza uthenga wachiwiri wofunsa ngati aona woyamba kumangooneka ngati mukuwakakamiza.

*Zoopsa.* Apa ndipo pali zambiri. Kumudzi foni nthawi zambiri si ya munthu mmodzi. Maso a amayi akafooka, amene amawawerengera mauthenga ndi mwana amene ali pakhomo, ndipo m'nkhani yathuyi mwanayo ndi mlamu yemweyo amene mukumukana. Adzawerenga mokweza, ndi mawu ake, mosapumira pamene inu munapumira. Choncho lembani chilichonse ngati kuti iye ndi amene ayambe kuchiona. Ngati chifukwa chenicheni chikukhudza khalidwe lake, chimenecho chisalembedwe n'komwe.

Chinanso n'chakuti cholembedwa sichifufutika. Uthenga umatumizidwa kwa azilamu ena, umajambulidwa, umatulutsidwanso pa maliro patapita zaka. WhatsApp imalola kukonza uthenga m'mphindi 15 zokha, ndipo imaikapo chizindikiro cha "Edited". Mukasankha "Delete for everyone" pamatsala mawu osonyeza kuti panali uthenga umene wafufutidwa, ndiye anthu amayamba kudzilembera okha m'mitima zimene munanena. Lembani kaye pena, amuna anu awerenge, mugone, mutumize mawa m'mawa.

Za gulu la banja la pa WhatsApp sinditayapo nthawi. Kukana zimene akuluakulu amanga pamaso pa adzukulu ndi azisuweni n'kuwakakamiza kuti aumirire, ngakhale mumtima akanamvetsa.

Njira yachiwiri: kujambula mawu

*Mtengo.* Bandulo pang'ono. Nthawi yokonzekera ndi yofanana ndi ya kulemba, ngakhale anthu amaganiza kuti n'kungodina n'kuyamba kulankhula.

*Kupezeka.* Pamafunika foni ya WhatsApp mbali zonse ziwiri. Ubwino wake ndi wakuti safuna kuwerenga, choncho gogo amene sadziwa kuwerenga amamva yekha kuchokera pakamwa panu.

*Zosamalira pambuyo.* Yembekezerani kuti nawonso ayankha ndi mawu, mwina aatali, mwina muli kudandaula. Amveni mpaka kumapeto musanayankhe, ndipo yankho lanu likhale foni yeniyeni, osati kuponyerana mawu ojambula tsiku lonse.

*Zoopsa.* Mawu amanyamula ulemu umene zilembo zimataya: kutsitsa mawu, kupuma musanafike pa "sitikwanitsa," kaseko pang'ono potchula adzukulu. Koma amanyamulanso china chilichonse. Kuusa moyo kumamveka. Liwiro la munthu wokwiya limamveka. Wailesi kapena mnzanu akuseka kumbuyo amamvekanso, ndipo kumudzi adzati munkajambula muli ndi anzanu mukuwaseka. Uthenga wa mawu umamvedwa pa sipika, pakhonde, aliyense amene ali pafupi akumva. Musapitirire mphindi imodzi ndi theka, chifukwa munthu akatalikitsa amayamba kudziteteza, ndipo podziteteza m'pamene zimatuluka zija za "chaka chatha tinatumizanso ya feteleza." Mverani kaye zimene mwajambula musanatumize.

Kwa mkamwini pali china. M'madera amene mwambo wopewana ndi apongozi aakazi udakalipo, mawu ake kumveka mwachindunji pa foni ya amayi akukana nkhani ya pabanja kumadabwitsa anthu. Ngati pamaso simulankhulana momasuka, foni isakupatseni ufulu umene pakhonde mulibe.

Njira yachitatu: atule ndi mwana wawo

Iyi ndi imene ndimaikonda pa nkhani zambiri. Amene anabadwa m'banjamo ndiye amakana, ndipo mpongozi amabwera pambuyo ndi moni. Mwana akakana, makolo amakwiya n'kuiwala, pakuti magazi sachoka. Mpongozi akakana, zimasungidwa.

M'chitsanzo chathu, bambo amayamba ndi kauthenga kakafupi masana: "Amayi, ndiimba madzulo ano mukatha kudya, pali nkhani ya sukulu ya mng'ono wanga." Kauthengaka kamapatsa amayi mpata woti akhale pamalo oduka mphepo, foni ili ndi moto. Madzulo amaimba, amafunsa za kumunda ndi za mwendo umene umawavuta uja, kenako amati: "Amayi, nkhani ija ndaimva. Ine ndawerengera, kuno sindikwanitsa kumusunga. Ndikalola lero, teremu yachiwiri ndidzam'bweza, ndiye tidzakhala tamuwonongera chaka. Koma sukulu asasiye. Mufufuze malo pa sukulu yoyendera ya kufupi konko, fizi ndi yanga." Apa "ine" ndi woyenera. Akulankhula ndi mayi ake, ndipo akusenza yekha.

Patapita tsiku limodzi kapena awiri, mpongozi amatumiza wake: "Amayi, mwadzuka bwanji? Ndamva kuti munalankhulana ndi ana anu. Mundiuze saizi ya nsapato ya alamu anga, Loweruka ndikupita mu tauni." Sanabwereze kukana, sanapepese, koma wasonyeza kuti akudziwa, ali pamodzi ndi mwamuna wake, ndipo mnyamatayo sanatayidwe.

*Mtengo.* Mayunitsi a foni yaitali ndithu, chifukwa simungadule amayi akulankhula. Mtengo waukulu ndi kulimba mtima kwa mwana wawoyo.

*Kupezeka.* Imagwira pa foni ya mtundu uliwonse. Koma imafuna kuti awirinu mukhale mutagwirizanadi. Ngati bambo anavomera kale kumbali, pa foni ina imene inu simunaimve, njirayi palibe, ndipo nkhani yoyamba kuikonza ndi ya m'nyumba mwanu.

*Zosamalira pambuyo.* Lonjezo la fizi ndi ngongole ya materemu atatu pa chaka kwa zaka zinayi, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Musalonjeze zonse chifukwa cha manyazi a tsiku limenelo. Ngati mungathe theka, nenani theka, ndipo achimwene ena agawane lotsalalo. Ndalama izipita sukulu isanatsegulire, pa Airtel Money kapena Mpamba, musanakumbutsidwe. Fizi imene yafika apongozi atachita kuimba kawiri imawakumbutsa kukana kuja teremu iliyonse. Tchuthi chikafika muitaneni mnyamatayo adzacheze sabata imodzi, tsiku lobwerera litanenedweratu.

*Zoopsa.* Chachikulu ndi chiganizo chimodzi: "Ine ndilibe vuto, koma kunyumbaku akuti..." Mwamuna akangotero, wagula mtendere wake ndi dzina la mkazi wake, ndipo palibe chitenje kapena shuga amene angadzakonze zimenezo msanga. Chimodzimodzi mkazi amene akuuza makolo ake kuti "bambo akana." Mudzazindikira kuti zinayenda choncho mukaona kuti apongozi akuimbirabe mwana wawo mwachisangalalo, koma moni wanu akuyankha ndi liwu limodzi, kapena azilamu ayamba kukutchulani kuti "abwana." Choopsa china n'chakuti mwana amafewa akamva mayi ake akudandaula, n'kumaliza foni ndi "chabwino, tiona." N'chifukwa chake ndi bwino kugwirizaniratu chiganizo chimodzi chimene sachokapo, ndipo mnzakeyo akhale pafupi koma chete. Osamunong'oneza zonena. Manong'onong'o amamveka pa foni.

Njira yachinayi: kudzera kwa ankhoswe kapena wamkulu wina

*Mtengo.* Yodula ndi yochedwa. Muwapezere thiransipoti, mayunitsi, ndi kangachepe konyamula popita. Nkhani imatha kutenga sabata kapena kuposa, ndipo ngati sukulu ikutsegulira Lolemba, nthawi imeneyo mulibe.

*Kupezeka.* Mabanja ambiri a m'tauni anaonana ndi ankhoswe awo komaliza pa chinkhoswe kapena pa ukwati. Kuwadzutsa lero ndi nkhani yovuta, musanawaimbirepo ngakhale moni, n'kovuta. Ndondomeko yake ndi yakuti mumayamba kwa nkhoswe wa mbali yanu, iye ndiye akalankhule ndi mnzake wa mbali inayo. Kulumpha n'kupita nokha kwa nkhoswe wa mbali ya apongozi kumaoneka ngati mwakasuma. Muyang'anenso amene ali ndi mawu m'banjamo. Kumene amatsata mbumba ya kuchikazi, monga mwa Achewa ambiri, amalume ndiwo eni mbumba, ndipo ngati iwo anali pa zokambiranazo, yankho limene silinawafike silinafike. Kumene kuli lobola, monga kumpoto ndi kuchigwa cha Shire, mawu amalemera kuchimuna, kwa abambo, abale awo ndi azakhali.

*Zosamalira pambuyo.* Akabwerako mukawathokoze, ndipo mumve bwinobwino zimene anakanena ndi zimene anavomera. Kenako muimbire apongozi nokha, moni chabe. Mukapanda kutero ubale umazolowera kuyenda ndi mkhalapakati.

*Zoopsa.* Ankhoswe akaoneka pakhomo anthu amaganiza kuti banja lagwedezeka. Pa nkhani ya mlamu ndi sukulu, kuwatuma kuli ngati kupha nyerere ndi musi. Komanso nkhoswe ntchito yake ndi kuyanjanitsa, choncho amakonda kubwera ndi yankho la pakati: "Tagwirizana kuti abwere teremu imodzi yokha, muone mmene zikhalire." Kwa iye nkhani yatha bwino. Kwa inu mnyamata wafika, ndipo teremu imodzi ija simathera pomwepo. Muwauziretu malire: chimene angavomere m'malo mwanu ndi chimene sangavomere.

Iti igwirizana ndi ndani

Ngati nkhani ili ngati yathuyi, ya mwana wobwera kudzakhala nanu, ya chopereka chimene mwaikiridwa, kapena ya kumene mukadyere Khirisimasi, ndipo awirinu mwagwirizana, tengani njira yachitatu. Aimbe mwana wawo, inu mutsatire ndi moni ndi kanthu kooneka.

Uthenga wolemba paokha ndi wa nkhani zopepuka, kwa apongozi amene amawerenga okha pa foni yawoyawo ndipo mumalemberana kale, monga aphunzitsi opuma amene amakutumizirani vesi m'mawa uliwonse. Kwa otero, kulemba kuti tsiku limene asankha la chikumbutso cha agogo simupezeka chifukwa cha ntchito, koma gawo lanu la ndalama litumizidwa, sikulakwika. Umathandizanso pambuyo pa foni, pofuna kuti zimene munagwirizana za ndalama zikhale polembedwa: ndani alipira chiyani, liti.

Mawu ojambula ndi a amene ali kutali ndipo netiweki ya kumudzi imadula foni pakati. Amene ali ku Joni nthawi yawo ndi imodzi ndi ya kuno, ndiye kuimba madzulo n'kotheka, ndipo ndi bwino kuimba. Amene ali ku Mangalande ali kumbuyo ndi ola limodzi m'miyezi yotentha ya kumeneko ndi maola awiri m'miyezi yozizira, choncho akamaweruka mochedwa kumudzi agona kale. Apo jambulani, koma ajambule ndi mwana wawo, inu mulowemo kumapeto ndi moni, ana nawo anene "agogo" wawo.

Ankhoswe asungireni nkhani zolemera: malo, kusamukira kumudzi, kumene munthu adzaikidwe, miyambo yokhudza ana anu imene chikhulupiriro chanu sichilola, kapena pamene mwakana kale kawiri mwaulemu koma akuumirirabe. Ndiponso ngati amuna kapena akazi anu anamwalira, ndiye mwana wawo woti akulankhulireni palibe, musayankhe nokha pa foni nkhani ya nyumba, katundu kapena ana. Yankho lanu lidzere kwa nkhoswe wanu kapena amalume anu, ndipo chimene mungalembe nokha ndi chachifupi: "Abambo, uthenga ndaulandira, zikomo. Akwathu akupezani kuti mukambirane."